Meseji ya kwa Asiyatu

Ine amene ndimafalitsa manyazi a anzanga Temeke yonse, dera lathu kuno kuchilendo, lero mumve anga.

Nthawi imeneyo fakitale yathu yosoka mayunifolomu ku Chang'ombe inali itangogulitsidwa kwa mwenimwake watsopano, ndipo mafoni a m'manja anali atangoyamba kuoneka. Mnzanga wa makina oyandikana ndi anga, Asiyatu, anapita ku opaleshoni. Ya chiyani, sananene. Asiyatu ndi wa ku Mangochi, ine wa ku Ntcheu, timadya mbale imodzi, koma nkhani zake sankandiuza. Ankati pakamwa panga ndi daladala, minibasi ya kuno, aliyense amakwera.

Titamva kuti watuluka m'chipatala, ndinapita kwa Esinati, kalaliki wathu, mwana wa Amalawi anzathu, yemwe anali ndi foni. Ndinati andilembere meseji ipite pa foni ya Che Saidi, amuna a Asiyatu.

Ndinayamba bwino, kupereka pole, pepani wa kuno. Kenako ndinati afunse kuti anang'amba pati. Esinati anakana, akuti wodwala akafuna amanena yekha. Ndinati chabwino, lemba za azakhali anga amene anachitidwa opaleshoni, bala n'kuphulika. Anaika foni pansi n'kundiyang'ana. Za ntchito imene yaunjikana pa makina ake anakananso, akuti munthu angadzuke ulusi usanachotsedwe. Zoti tibwera tonse Loweruka, ayi ndithu.

"Nanga titumiza chiyani, mwana iwe? Foni yopanda kanthu?"

"Mayi, malo ndi a zilembo 160 basi. Nenani kuti mukumukumbukira, tchulani chimodzi chimene mungamuchitire, mumusiye agone."

Inatuluka chonchi: "Pole achemwali. Tikukukumbukirani. Makina anu ndikuthira oyilo ndine. Mukafuna zamumsika nenani, ndidzasiya pakhomo. Pumulani, musavutike kuyankha. Mayi a Gire."

Mawu omalizawo ine ndinawatenga ngati ulemu chabe. Kwathu mlendo akati musavutike kuphika, mpamene umathamangitsa nkhuku. Ndiye ndinayamba kudikira yankho.

Zii.

M'mawa ndili pa desiki ya Esinati, pa tiyi ndili pompo. Mpaka anayamba kubisa foni m'dilowa. Ndinasoka kolala chagada, supavaiza n'kundibwezera mulu wonse. Ndinauza mayi mmodzi yekha kuti Asiyatu sakutha ngakhale kugwira foni. Pofika madzulo nkhaniyo inabwerera kwa ine ikuti sakulankhula, ndipo ndinaikhulupirira, poti inachokera kwa anthu ena.

Loweruka ndili mumsika ndinaona Che Saidi akupimitsa nsalu yoyera. Munthu wanzeru akanapita kukapereka moni. Ine ndinabisala kuseri kwa matumba a makala kuti ndione bwino. Nsalu yoyera, Msilamu, nkhope yosaseka. Ndipo anzathuwa sagoneka maliro, ukachedwa umapeza aika kale.

Ndinathamanga khomo ndi khomo. Posakhalitsa tinali titadzaza daladala, azimayi a ku fakitale ndi ena a kutchalitchi amene Asiyatuyo sankamudziwa n'komwe, mipango kumutu, wina atanyamula thumba la ufa. Titatsika ndinatsogola ine. Kulira ndinakuyambira pa ngodya, kuti aneba adziwe kuti mnzake weniweni wafika.

Tinamupeza pakhonde, atatsamira pilo, akusenda mango.

Azimayi kumbuyo kwanga anasiya kulira, kupatula gogo wina wosamva bwino amene anapitiriza yekha. Che Saidi anatuluka ndi nsalu ija paphewa. Inali yosokera chovala cha kuntchito kwawo, kophera ng'ombe ku Vingunguti.

Asiyatu anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Onse anangotembenukira kwa ine. Asiyatu anayamba kuseka, atakanikiza pilo pamimba, misozi ili mbwee, akupempha kuti wina andichotse pamaso pake ulusi usanaduke.

Atapuma anandikodola. Anati mwa onse amene anatumiza mawu, ndine ndekha amene sindinafunse mafunso kapena kumuuza mankhwala oti amwe. Anauza amuna ake kuti mayi a Gire akula tsopano.

"Ndinakonza zoti mukabwera nokha ndikuuzeni zonse, ndi bala lomwe ndikuonetseni."

Ndinasendera pafupi, n'kunong'ona kuti azimayiwa ndiwathamangitsa pompano.

"Iyayi achemwali, musawathamangitse. Kafunseni iwowo. Si ndamva kuti matenda anga mukuwadziwa kuposa dokotala?"

Ufa uja analandira. Ife tinabwerera pa daladala yomweyo, ine pampando wakumbuyo, palibe wondilankhula. Asiyatu anachira, tikudyabe mbale imodzi, koma chimene anamuchotsa m'mimba sindichidziwa mpaka lero. Temeke yonse, ine!

Ukauza wodwala kuti apume, nawenso khala pansi.