Bambo Ena ndi Bokosi Lawo

M'mawa uliwonse, asanagwire nsapato ya munthu, wosoka nsapato wa pakhonde la ofesi ya kalembera ankavulira chipewa bwana wamkulu n'kufunsa kuti, "Bwana, lero ndine ndani?" Anthu ankawatcha Bambo Ena. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankalemba manambala mu ofesi yomweyo, ankangobisa nkhope kuseri kwa mafaelo.

Mkuluyu anasinthidwa mtundu katatu asanasamukepo nyumba. Ali mwana, mlembi wa atsamunda sanafunse n'komwe, anangowayang'ana mphuno n'kuwalemba mtundu wa anansi awo. Ufulu utabwera, boma linachotsa funsolo ati limagawanitsa anthu. Litafuna kudziwa madera otsalira pa sukulu ndi ntchito, linalibwezera, ati aliyense azinena yekha. Koma pafomu panali mabokosi khumi a mitundu ikuluikulu, ndi lomaliza lolembedwa "Ena".

"Ine ndi ena? Ena a ndani?"

"Mndandanda imakonza ndi komiti, madala," anatero bwana. "Timayamba tayesa fomu m'madera angapo. Mtundu wotchulidwa ndi ochepa timauphatikiza m'bokosi la Ena. Tikasinthasintha, tiyerekeza bwanji ndi kalembera wapitayo?"

"Uja wa mphuno uja?"

Anayamba kulalikira aliyense wakwawo wobweretsa nsapato: "Pamzere wa Ena uja uzilembetsa dzina lathu lonse, wamva? Apo ayi upita wopanda nsapato." Mwana wawo ankadziwa kumene mayankhowo amathera, poti ndi iye ankawapatsa nambala 99, yotanthauza "Ena".

"Lero watimeza angati, mayi?" bambowo ankamufunsa mwanayo pakudya.

"Ndi ntchito, bambo."

"Nayenso wokumba manda amatero."

Komiti itakhalanso, mkuluyu anapempha kulankhula. Anawapatsa mphindi ziwiri, moni yekha anadya zitatu. Chinathandiza n'chakuti mayankho olembedwa aja anali atachuluka, ndiponso phungu wina anazindikira kuti anthuwo amavota. Bokosi la mtundu wawo linalowa pafomu. Mkuluyu anasita jekete n'kulipachika pakhomo miyezi isanu, kudikira mlembi wa kalembera.

Anamwalira kutatsala milungu iwiri.

Mlembi atafika, mwana uja anatchula mtundu wake mokweza, koyamba m'moyo. Kenaka linabwera funso la omwalira m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi.

"Amuna kapena akazi? Zaka zingati?"

"Amuna, makumi asanu ndi atatu. Mtundu wawo ndi..."

"Pepani achemwali, omwalira sitifunsa mtundu."

Pakhonde paja tsopano pali zii. Palibenso wotukwana zidendene za anthu. Kutacha, mtsikanayo anadutsa pomwe pankakhala mpando wa bambo ake, nakumana ndi bwana atanyamula nsapato yong'ambika.

"Kodi Bambo Ena abwera liti?"

Iye anatenga nsapatoyo, naitembenuza ngati mmene ankachitira bambo ake, naibweza.

"Kafunseni komiti, bwana."