Pasiwedi ya mkamwini

Mpaka lero mkazi wanga akaona rauta yathu amandiyang'ana ine, osati iyo. Sindimutsutsa.

Ndine mkamwini kuno ku Kabudula, ndipo rautayo, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, ndinagula nditagulitsa mtedza, kuti mkazi wanga, Nabanda, azitumizira ntchito za maphunziro ake a uphunzitsi. Poyamba inkathamanga. Kenaka inayamba kukwawa, sabata yomwe ankayenera kutumiza ntchito yomaliza. Akanachedwa, chaka chonse chikanapita m'madzi.

M'nyumba munalowa nkhondo. Ine ndinaloza Chisomo, mwana wathu wamkazi, kuti ndi mavidiyo ake ovina aja. Chisomo analoza mayi ake. Mayi akewo analoza ine, akuti ndinagula rauta yotchipa. Ndinapsa mtima koopsa.

Rautayo ndinaizimitsa ndi kuiyatsanso, osasintha. Ndinaona bandulo, inalipo, ngakhale inkatha ngati shuga wa pamaliro. Ndinaika rautayo pawindo loyang'ana nsanja ya netiweki ya ku Nsaru. Timagetsi tonse tinayaka tobiriwira, kutanthauza kuti netiweki ikufika bwino. Ndinalanda foni ya Chisomo (analira, ine osamva chisoni), koma ntchito ya Nabanda osapita, kachizindikiro kodikira kankangozungulirabe.

"Bambo a Chisomo, tatsegulani m'kati mwakemo tione amene akudya," anatero Nabanda.

Pansi pa rauta pali kapepala komata, ka manambala olowera. Ndinawalemba pafoni, tsamba la rauta n'kutseguka. Ndinadina pamndandanda wa mafoni olumikizidwa. Ife tili ndi atatu. Pamenepo panali khumi ndi asanu ndi anayi! Onsewo ankagawana kanjira kamodzi, ena akukoka mafilimu. Dzina lina linali "Foni ya Agogo".

Nabanda anandiyang'ana. "Bambo anga pasiwedi anaitenga kuti?"

 Tsiku lina m'mbuyomo apongozi aamuna anandiitana ku chigafa chawo, chomwe chili kuseri kwa nyumba yathu. "Akamwini, tamva muli ndi kamphepo kaulere." Kodi munthu ungawakanize eni ake a dothi lomwe wamangapo? Ndinagwada, n'kuwalembera pasiwedi. Iwo, pokhala mkulu wa mpingo wamtima wabwino, anapatsa onse osankha fodya m'chigafamo.

Ndinasintha pasiwedi pomwepo, mafoni onse achilendo anagwa. Ntchito ya Nabanda inapita ndisanakhale n'komwe pansi. Chisomo anabwezeredwa foni, ndipo ndinapepesa ndikuyang'ana kudenga.

Sipanapite nthawi, tinamva kutsokomola pakhomo.

"Odi, akamwini! Kamphepo kaja kaleka. Kodi talakwanji, eti?"

Nabanda ananditsina pamkono. Ndinalimba mtima, ndinatuluka ndi mawu onse okana ali okonzeka pakamwa. Nditawaona apongozi atakhala pampando, chipewa chili pabondo, ndinangopezeka ndagwada.

"Pepani bambo, bweretsani foniyo."

Usiku womwewo Nabanda anasinthanso pasiwedi, ndipo tsopano amaisunga yekha. Ine ndikafuna intaneti ndimachita kupempha, ngati mlendo. Apongozi sapempha, mwana wawo anawapatsa kale.